Kusuntha msonkhano wa sabata imodzi yokha popanda kusokoneza ina yonse

Tiyerekeze kuti ofesi ina kuno ku Mzuzu imakumana Lolemba lililonse 9 koloko m'mawa. Ena amakhala mu ofesi momwemo, ena amalowa pa foni ali ku Karonga kapena ku Nkhata Bay. Mu 2026, tsiku lokumbukira ufulu wodzilamulira, 6 Julayi, likugwera Lolemba, ndiye msonkhano wa sabata imeneyo uyenera kupita Lachiwiri pa 7 Julayi, 2 koloko masana. Ntchitoyi imaoneka yaing'ono, koma pali malo awiri pomwe imalakwika: pa kalendala ndi mu uthenga.

Kalendala ya pa kompyuta simasunga misonkhano 52 payokhapayokha. Imasunga lamulo limodzi lakuti "Lolemba lililonse 9 koloko", ndipo mukasintha tsiku limodzi imangolemba kuti tsikulo lapatuka pa lamulolo. N'chifukwa chake Google Calendar imakufunsani mukadina Save: "This event", "This and following events" kapena "All events". Sankhani "This event". Chachiwiricho chimadula mndandanda pakati, misonkhano yonse ya m'tsogolo n'kusamukira Lachiwiri. Outlook yakale ya pa kompyuta imafunsa potsegula pomwe, ndipo yankho ndi "Just this one", osati "The entire series". Mukatero, pitani pa Lolemba la pa 13 Julayi mukaone ngati msonkhano ulipobe 9 koloko. Ngati palibe, mwasuntha mndandanda wonse. Konzani anthu asanayambe kuyankha.

Wosuntha akhale amene anaitanitsa msonkhanowo. Woitanidwa chabe nthawi zambiri sangasinthire anzake, ndipo akatha kusintha zimathera pa kalendala yake yokha. Ikafunsa zotumiza uthenga kwa oitanidwa, dinani Send. Ndipo chonde, musafufute wa pa 6 Julayi n'kupanga wina watsopano. Anthu amalandira mauthenga awiri, woyamba wonena kuti msonkhano walephereka, ndipo ambiri amathera pomwepo osatsegula wachiwiri. Watsopanoyo amabweranso ndi linki yake, ndiye mnzathu wa ku Karonga amene anasunga yakale amakhala yekhayekha kudikira.

Outlook ilinso ndi malire ake. Siilola kuti msonkhano wosunthidwa udumphe wotsatira wake, choncho wa pa 6 simungaupititse pa 14 pomwe wa pa 13 ulipo. Komanso mukadzasintha nthawi ya mndandanda wonse, masiku amene munawapatula amabwerera pa lamulo, ndiye muyenera kuwakonzanso.

Musanalengeze, funsani kaye anthu awiri kapena atatu amene msonkhano sungachitike popanda iwo, ndi amene amasunga buku la chipinda chokumaniramo. Kufunsa gulu lonse kuti "tikumane liti?" kumangobweretsa mayankho khumi osiyana.

Tsopano uthenga, pakuti si onse amatsegula imelo tsiku lililonse. Mawu akuti "msonkhano tausunthira Lachiwiri likubwerali" ndi msampha. Wowerenga Lachisanu amva Lachiwiri lina, wogula bandulo mochedwa n'kuwerenga Lachitatu amva linanso, ndipo palibe amene akudziwa ngati ndi sabata ino yokha kapena mpaka kalekale. Uthenga wabwino umaoneka chonchi:

"Anzanga nonse, msonkhano wathu wa Lolemba pa 6 Julayi sudzakhalako chifukwa ndi holide. Tidzakumana Lachiwiri pa 7 Julayi, 2 koloko mpaka 3 koloko masana, chipinda ndi linki zomwe zija. Kusinthaku ndi kwa sabata imeneyi yokha. Lolemba pa 13 Julayi tibwerera ku 9 koloko m'mawa. Amene simutha kubwera mundiuze pofika Lachisanu pa 3 Julayi, 12 koloko."

Onani kuti tsiku lililonse latchulidwa ndi dzina komanso deti, kuti china chikalakwika wowerenga azindikire n'kufunsa. Chiganizo cha pa 13 Julayi ndi chimene anthu amakonda kuiwala, pomwe ndicho chimateteza sabata yotsatira. Ngati wina akulowa ali ku Mbeya, onjezani kuti ndi nthawi ya ku Malawi, chifukwa Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi: 2 koloko yathu ndi 3 koloko kwawoko.

Tumizani uthengawu Lachitatu kapena Lachinayi la sabata yam'mbuyo, mawu omwewo pa imelo ndi pa gulu la WhatsApp, pawokha, osauphatikiza ndi nkhani zina. Pa WhatsApp, dinikizani uthengawo n'kusankha Info kuti muone amene sanawerenge. Amenewo, makamaka a kumadera kovuta netiweki, muwaimbire foni Lachisanu musanaweruke, kenako mukumbutse gulu lonse Lachiwiri m'mawa.