Kudziwiratu Mwezi umene Ndalama za pa Munda Zidzathe

Mlimi akhoza kupindula pa chaka chonse koma n'kusowa ndalama yolipira aganyu mu Januwale, chifukwa ndalama za mbewu zimalowa m'miyezi iwiri kapena itatu yokha, pamene zotuluka sizipuma. Ndondomeko ya ndalama zolowa ndi zotuluka mwezi ndi mwezi ntchito yake ndi kuonetseratu mwezi umene thumba lidzaume.

Kope la sukulu ndi lokwanira. Mwezi uliwonse ukhale ndi mizere inayi: ndalama zimene mwayamba nazo, zolowa, zotuluka, ndi zotsala, ndipo zotsala za mwezi uno ndizo zoyambira za mwezi wamawa. Musayambire mu Januwale. Yambirani pamene mwangogulitsa kumene. Ndalama ilembedwe m'mwezi umene idzafike m'manja, osati umene mwapereka katundu, pakuti wogula amene watenga soya mu Meyi n'kulonjeza kulipira mu Julayi sanakupatseni kanthu mu Meyi.

Tiyerekeze mlimi wa ku Mchinji amene amalima soya, mtedza ndi chimanga chakudya, ndipo pakutha pa Julayi ali ndi K3,000,000. Pakhomo amagwiritsa ntchito K150,000 mwezi uliwonse. Ogasiti ndi Seputembala, pamodzi ndi fizi ya K200,000, zimusiya ndi K2,500,000. Mu Okutobala agula mbewu ndi feteleza za K1,200,000, atsala ndi K1,150,000. Aganyu olima mizere ndi kudzala mu Novembala atenga K250,000, opalira mu Disembala K200,000, moti chaka chikutha ali ndi K400,000 yokha. Januwale afuna fizi ina ya K200,000, kubandira K150,000 ndi za pakhomo, zonse K500,000, ndipo apa ndalama zaperewera ndi K100,000. Pofika kumapeto kwa Malichi kuperewerako kwafika K400,000, okolola soya asanalipidwe n'komwe.

Nambala imeneyi ndiyo timaifuna, ndipo ubwino wake ndi wakuti mlimi waiona mu Julayi mtedza udakali m'nyumba. Angathe kusunga matumba angapo kuti adzagulitse mu Januwale, pamene mitengo kawirikawiri imakhala itakwera, bola akhale ouma bwino kuti asachite chuku. Angathenso kukonzeratu ngongole ku banki mkhonde, n'kulemba kubweza kwake ndi chiwongoladzanja m'miyezi yake. Amene sanawerengere amathamangira katapila, kapena amagulitsa soya adakali m'munda pa mtengo wolira.

Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kusiya za pakhomo kunja kwa kope, ngati kuti munda uli ndi thumba lakelake, chonsecho sopo, chigayo ndi chipepeso cha pamaliro zimachokera m'thumba lomwelo. Pakutha pa mwezi uliwonse lembani pambali ndalama zenizeni zimene zatsala. Zikachepa kwa miyezi iwiri yotsatizana poyerekeza ndi zimene munalemba, pali chotuluka chimene simunachiwerengere, ndipo miyezi yotsalayo iwerengedwenso.