Mukalandira mphoto, muthokoze ndani, nanga anthu atenge mawu otani?

Pa ntchito yanga yothandiza anthu kukonza zokayankhula pagulu, amene amabwera ndi nkhawa yaikulu ndi omwe auzidwa kuti akalandira mphoto. Amafika ndi pepala lodzaza maina kuseri ndi kuseri: abwana, achiwiri awo, abusa, amfumu, apongozi, anzawo a kusukulu. Mantha awo ndimawamvetsa, chifukwa kwathu kuno kumuiwala munthu pothokoza ndi mlandu woti ukhoza kukhala zaka. Koma pepala lotere likawerengedwa lonse, anthu amatuluka mu holo opanda chokumbukira, ndipo ngakhale otchulidwawo sawafika pamtima, poti dzina lawo langodutsa ngati akuitana maina m'kalasi.

Chitsanzo chimene ndimakonda kuwaonetsa ndi cha Lupita Nyong'o, wochita zisudzo wa ku Kenya. Pa 2 Malichi 2014, mumzinda wa Los Angeles, analandira mphoto ya Oscar chifukwa chosewera mufilimu ya 12 Years a Slave ngati Patsey, mayi amene anakhalapodi mu ukapolo ku America. Ku mwambo umenewu wopambana amapatsidwa masekondi 45, ndipo akatalikitsa oimba amatha kuyamba nyimbo kuti atsike. Lupita anapitirira nthawiyo, koma mphindi zitatu sizinakwane. Atathokoza opereka mphotoyo, anavomereza kuti chimwemwe chake chachokera m'masautso a munthu wina, ndipo anapereka ulemu kwa Patsey. Kenaka anathokoza wotsogolera filimuyo, anzake osewera nawo, banja lake ndi sukulu imene anaphunzirako zisudzo. Potsiriza anayang'ana chifanizo chagolide chili m'manja mwake n'kunena kuti chizimukumbutsa iye ndi mwana aliyense kuti, kaya munthu akuchokera kuti, maloto ake ndi oyenera.

Maina amene anatchula usiku umenewo ndi anthu ochepa amene angawakumbukire. Chiganizo chomalizacho ndiye chimabwerezedwabe mpaka lero. Chinagwira chifukwa chinali choona m'kamwa mwa wochinenayo: mtsikana wokulira ku Kenya, kutali ndi Hollywood, atapambana ndi filimu yake yoyamba yaikulu. Mfundo yoti anthu atenge siibwerekedwa m'buku la mawu anzeru. Imachokera pa zimene inuyo mwaona pogwira ntchito imene akukupatsirani mphotoyo.

Nthawi ina ndinathandiza mayi wina, mphunzitsi wa sitandade 1, amene amakalandira mphoto chifukwa ana a m'kalasi mwake ankadziwa msanga kuwerenga. Ndinawauza kuti ayambe afunsa okonza mwambo nthawi imene apatsidwa. Anawayankha kuti mphindi ziwiri. Pepala lawo linali ndi maina 23 ndi maphunziro anayi a moyo: kulimbikira, kupemphera, kugwirizana ndi kusataya mtima. Atawerenga mokweza ine nditatchera wotchi ya pafoni, zinatenga mphindi zisanu ndi theka. Mawu a Chichewa ndi ataliatali, choncho musadalire kuchuluka kwa mizere papepala. Werengani mokweza, mofatsa, ndipo musiyeko masekondi ena a kuwomba m'manja ndi a mawu onjenjemera, chifukwa pa tsikulo mtima umagunda ndithu.

Tinayamba ndi maina. Ulemu kwa mlendo wolemekezeka ndi akuluakulu sitinauchotse, chifukwa pa mwambo wa kwathu munthu sangangoyamba kuyankhula ngati ali pamsika, koma tinauika m'chiganizo chimodzi. Wotsogolera mwambo amakhala atawatchula kale onse mmodzimmodzi, palibe chifukwa chobwerezera. Kenaka ndinawafunsa kuti, "Mayi, pa anthu onsewa, ndi ndani amene akanapanda kukhalapo mphotoyi simukanailandira?" Anakhala chete kwa kanthawi, n'kutchula atatu: aphunzitsi aakulu amene anawapatsa chipinda pamene makalasi ena ankaphunzirira pansi pa mtengo, amayi a m'mudzi amene ankaphikira ana phala, ndi amuna awo amene ankawadulira makatoni olembapo zilembo usiku. Aliyense tinamupatsa chiganizo chimodzi chonena chimene anachita. Kunena kuti "bambo a kunyumba, amene mwandidulira makatoni mpaka chala kutupa" kumalemera kuposa "ndithokoze banja langa lonse", ndipo nthawi yake ndi yofanana.

Pali msampha umodzi pano woti musamale nawo. Ngati munagwira ntchito ndi anthu asanu ndi mmodzi, musatchule anayi. Atchuleni onse, apo ayi athokozeni ngati gulu. Amene amapwetekeka ndi wosiyidwa pamene anzake ofanana naye atchulidwa. Ena onse otsala pa pepala lija, mayiwa anawaimbira foni tsiku lomwelo, ndipo ena anakawaona kunyumba atanyamula mphotoyo.

Ntchito yovuta inali kusankha mfundo. Maphunziro anayi aja onse anali abwino, koma akanatha kunenedwa ndi wosewera mpira, namwino kapena mlimi wa fodya. Ndinawapempha kuti asiye kaye zolangiza, andiuze tsiku limodzi limene anabwerera kunyumba akudziwa kuti ntchito yawo ili ndi phindu. Anandiuza za agogo ena amene anabwera kusukulu m'mawa kudzanena kuti mdzukulu wawo wawawerengera zolembedwa pa kapepala ka mankhwala, ndipo kwa nthawi yoyamba sanapite kwa aneba kukafunsa kamwedwe kake. Nkhani imeneyi inakwana m'ziganizo zitatu, ndipo mawu otsekera anawapeza okha: "Mwana mmodzi akadziwa kuwerenga, m'nyumbamo mwalowa nyale."

Chiganizo chotere ndimachiyesa m'njira ziwiri. Choyamba, chizitheka kunenedwa ndi mpweya umodzi, osapumira pakati. Chachiwiri, muwerengereni munthu wa kunyumba zonse kamodzi kokha, ndiye m'mawa mwake mumufunse chimene akukumbukira. Akabweza mawu anu, ngakhale mopotoza pang'ono, mfundoyo yagwira. Akangoti "zinali bwino", bwererani pa pepala, chifukwa nthawi zambiri ndiye kuti mwaika mfundo ziwiri kapena zitatu zimene zikuphimbana, kapena mwaika mfundoyo pakati n'kuikwirira ndi maina. Malo ake ndi kumapeto, zothokoza zonse zitatha.

Anthu ambiri amalakwitsa pamene afika kale pabwino. Anena chiganizo chawo, holo yakhala zii, ndiye bata lija likuwaopsa, n'kuyambanso kuti "komanso ndisaiwale". Mukamva mwanena "pomaliza" kachiwiri, kapena mwaona wotsogolera mwambo akusendera pafupi ndi maikolofoni, kapena anthu ayamba kuwomba m'manja inu musanathe, dziwani kuti mwadutsa potsikira. N'chifukwa chake ndimalangiza kuloweza pamtima ziganizo ziwiri zokha, choyamba ndi chomaliza. Zapakati mukhoza kusuzumira pa kakhadi kakang'ono kokwana m'dzanja, pamene mwalembapo maina atatu aja ndi zilembo zikuluzikulu, pakuti mantha amaiwalitsa ngakhale dzina la munthu amene mumadya naye mbale imodzi.

Mayi aja tinabwereza nawo katatu ataimirira, atanyamula botolo la madzi m'malo mwa mphoto kuti azolowere kuyankhula dzanja limodzi lili ndi katundu. Ulendo wachitatu wotchi inaonetsa mphindi imodzi ndi masekondi 40. Ndinawauza kuti akanena za nyale ija awerenge mumtima mpaka katatu akuyang'ana anthu, anene "zikomo", kenaka atsike.