Funso la mayankho angapo musaliike pa tchati chozungulira

Mabungwe athu kuno ku Joni, kaya a maliro kaya a kutchalitchi, akapanga kafukufuku amakonda kubweretsa tebulo lodzaza manambala pa msonkhano, ndiye anthu amangoliyang'ana pafoni osatolapo kanthu. Mlembi akauzidwa kuti apange tchati amathamangira chozungulira chija chodulidwa ngati keke, pa Excel amachilemba Pie. Apa ndi pomwe ndimaona zinthu zikusokonekera pa ntchito yanga yokonza malipoti.

Tiyerekeze mwafunsa mamembala 120 a ku Rosettenville ndi Turffontein kuti ndalama amatumiza bwanji kumudzi, ndipo munthu amaloledwa kuchonga njira zingapo. Anthu 84 ati pafoni, 48 amapatsira adalaivala a basi ku Park Station, 36 amapatsira m'bale wopita kumudzi, 12 kubanki. Mukaphatikiza zikukwana 180 pomwe anthu alipo 120 basi, chifukwa mayi mmodzi yemweyo amatumiza pafoni mwezi uno, Disembala n'kupatsira achimwene ake. Ndiye otumiza pafoni ndi 84 mwa 120, yomwe ndi 70 peresenti. Koma tchati chozungulira chimafuna zidutswa zonse zikwane 100, Excel igawa 84 ndi 180 n'kulemba 47 peresenti, komiti n'kumakhulupirira kuti otumiza pafoni sakufika ndi theka lomwe, pomwe ndi anthu 7 mwa 10 alionse. Zimandiwawa chifukwa palibe wanama, manambala ndi olondola, chalakwika ndi tchati.

Kuti mudziwe n'kosavuta, phatikizani mayankho onse, akaposa chiwerengero cha anthu omwe anayankha chozunguliracho chisiyeni.

Chofunika apa ndi mizati yogona, pitani pa Insert musankhe Clustered Bar. Njira iliyonse ili ndi mzati wake ndipo yankho lalitali ngati "kupatsira m'bale wopita kumudzi" limakwana bwinobwino kumanzere osapendeketsa zilembo. Maso athu amayerekeza kutalika mosavuta kusiyana ndi kukula kwa zidutswa, izi akatswiri a ziwerengero Cleveland ndi McGill anazionetsa mu 1984 atayesa anthu. Maperesenti muwerengeretu nokha mu tebulo pogawa ndi 120 n'kuchulukitsa ndi 100, mupeza 70, 40, 30 ndi 10, kenako musanje kuyambira wamkulu. Excel ili ndi kakhalidwe koika mzere woyamba pansi, ndiye dinani kawiri pa mayina a njira aja kumanzere kwa tchati muchonge Categories in reverse order kuti 70 akhale pamwamba.

Mizati iyambire pa ziro. Mukayambira pa 20, mzati wa 70 uoneka wotalika kasanu kuposa wa 30 pomwe zoona ndi kawiri ndi pang'ono, wa 10 uja usoweratu. Pansi pa tchati lembani kuti anayankha ndi anthu 120 ndipo amatha kusankha zingapo, apo ayi wina adzuka pa msonkhano kufunsa kuti 150 peresenti yachokera kuti.

Chozungulira chisungireni funso ngati "muli ndi akaunti ya kubanki kuno?", poti munthu amayankha kamodzi, eya kapena ayi.