Mmene timu ya anyamata ku Kawale inatayira thandizo lake

Kalata yochotsa thandizo ku timu ina ya anyamata osapitirira zaka 17 ku Kawale inali ya tsamba limodzi. Inatchula ndime zitatu za mgwirizano zimene timu inaphwanya, masiku amene machenjezo awiri anaperekedwa, n'kunena kuti gawo lomaliza la ndalama silidzaperekedwa ndipo dzina la sitolo lichotsedwe pa majezi pasanathe masiku 30. Amene anaisayina ndi mwini sitolo ya zipangizo zomangira nyumba, munthu wokulira m'dera lomwelo. Ochemerera timuyo mpaka pano amati mkuluyo anatayira ana panjira, koma mkanganowu mizu yake ndi yakale kuposa timuyo.

Mpira wa m'dziko muno unakula ndi mayina a makampani. Bullets inayamba kutchuka ngati Bata Bullets, kenako Total Big Bullets, Bakili Bullets, mpaka Nyasa Big Bullets. Wanderers yadutsa pa mayina a Yamaha, Limbe Leaf, MTL, Be Forward ndi Mukuru. Kumeneko aliyense amadziwa kuti kampani ikapereka ndalama ikugula malo a dzina lake, ndipo dzinalo likadetsedwa imanyamuka. Chikho cha Carlsberg chinaima masewero omaliza a 2003 pakati pa Bullets ndi Wanderers atathera m'chipwirikiti, ndipo chinadzabwerera mu 2012.

Ku Lilongwe kuno mbiri ndi yosiyanako. Matimu akuluakulu ambiri ali ndi kholo lokhazikika: Silver Strikers ndi ya Reserve Bank, Blue Eagles ya apolisi, Kamuzu Barracks ya asilikali, Civo ya ogwira ntchito m'boma. Kholo limakalipa koma silisamuka. Pansi pa matimu amenewa, m'mabwalo a fumbi a ku Kawale, Mchesi, Chilinde ndi Area 25, mpira wakhala ukuyenda ndi akufuna kwabwino: wina agula mpira, wina alipira minibasi, phungu abweretsa majezi chisankho chikayandikira. Ndalama zotere sizifunsidwa lisiti. Munthu amathokozedwa pamaso pa gulu, nkhani yatha. Komiti ya timu ya ku Kawale inakulira m'mwambo umenewu, ndipo inalandira mwini sitolo ngati wakufuna kwabwino winanso, kungoti wa thumba lalikulupo. Iye anabwera ndi maganizo a kampani, pepala lili m'manja.

Mgwirizano wake sunali wovuta. Ndalama za chaka zinagawidwa m'magawo atatu, ndipo gawo lotsatira limatuluka pokhapokha msungichuma atabweretsa malisiti a gawo lapitalo. Timu imayenera kuvala majezi a dzina la sitolo pa masewero onse a ligi. Wosewera aliyense amayenera kukhala wa zaka zoyenera ndiponso wa pasukulu. Panali ndime yoti kuphwanya kulikonse kuzitsatiridwa ndi chenjezo lolembedwa, ndipo kachitatu thandizo lidzatha. Wapampando ndi mlembi anasayina tsiku lomwe analandira majezi, anthu akuomba m'manja. Sindikhulupirira kuti panali amene anawerenga ndime yomalizayo mofatsa.

Choyamba kuphwanyidwa chinali cha malisiti, ndipo apa komiti ili ndi poyankhira. Kondakitala wa minibasi sapereka lisiti, mayi wogulitsa mandasi ndi madzi a m'mapepala pabwalo sapereka, ngakhale ya oyimbira nthawi zambiri imangoperekedwa pamanja. Koma njira ilipo, ndipo matimu ena amaitsata: kabuku kamene wolandira ndalama amalembamo dzina, kuchuluka kwake ndi tsiku, n'kusayina, kapena kulipira kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba kuti uthenga wa pafoni ukhale umboni. Msungichuma sanachite chilichonse mwa izi. Anabweretsa pepala limodzi lolemba pamanja, pomwe ndalama zochuluka zinali pansi pa mawu akuti zina ndi zina. Pambuyo pake zinamveka kuti mbali ina inapita ku maliro a m'bale wa mphunzitsi wa timu. Kumudzi ndi m'makwalala palibe angatsutse thandizo la pamaliro, koma sanapemphe chilolezo, ndipo anabisa. Chenjezo loyamba linabwera, ndipo gawo lachiwiri linatulukabe atapepesa.

Chachiwiri chinali cha majezi. Wandale wina anakonza chikho cha m'dera n'kugawa majezi a mtundu wa chipani chake. Anyamata anawakonda, anali atsopano, ndipo anawavalanso pa masewero awiri a ligi. Mwini sitolo anaona zithunzi pa WhatsApp. Kwa iye vuto silinali kusowa kwa dzina lake kokha: amagulitsa simenti ndi malata kwa anthu a zipani zonse, ndipo timu yodziwika kuti ndi yake inali itavala mtundu wa chipani chimodzi. Wapampando anapita kusitolo kukafotokoza. Akuti anati, "Bwana, majezi anu anali asanaume, ana sakanasewera osavala." Yankho linali lakuti, "Achimwene, mukanandiimbira foni." Chenjezo lachiwiri linalembedwa sabata yomweyo.

Chimene chinadula chingwe ndi zaka. Kubera zaka m'mpira wa achinyamata ndi nkhani imene Amalawi amaidziwa bwino, chifukwa inatipindulirapo: mu 2009 Niger inachotsedwa mu mpikisano wa Africa wa osapitirira zaka 17 kaamba kogwiritsa ntchito wosewera wamkulu, ndipo Malawi inatenga malo ake mpaka kukasewera nawo chikho cha dziko lonse ku Nigeria. Chaka chomwecho FIFA inayamba kuyeza fupa la pamkono ndi makina a MRI. Ku Kawale kulibe wa makina amenewo. Umboni wa zaka umakhala kalata ya mphunzitsi wamkulu, chiphaso cha ubatizo kapena buku la kusikelo, ndipo zonsezi n'zosavuta kubwereka kwa mng'ono wako. Zinthu zinasintha chiyambire 2017, pamene bungwe la NRB linayamba kupereka ziphaso za unzika kwa a zaka 16 kupita m'tsogolo. Mnyamata amene akuti ali ndi zaka 16 koma ali ndi chiphaso chimene anatenga zaka zitatu zapitazo wadziulula yekha.

Ndi mmene anagwidwira osewera awiri a timuyi. Timu imene inagonja inakadandaula kwa oyendetsa ligi, ili ndi chithunzi cha chiphaso cha wogoletsa zigoli, chomwe dzina lake linali losiyana ndi la pa khadi la ligi. Mapointi analandidwa, chindapusa chinagamulidwa, ndipo nkhani inayenda ndi dzina la sitolo, popeza timu inkatchedwa ndi dzina limenelo. Mphunzitsi anati matimu onse amatero. Mwina n'zoona, koma ndime ya zaka anaisayina ndi iwo.

Komiti ili ndi dandaulo limodzi lomveka. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa minibasi ndi nsapato unakwera, pomwe ndalama za mgwirizano zinali zomwe zija. Mgwirizano unalibe ndime yoti angakhalenso pansi mitengo ikasintha, ndipo mwini sitolo sanayambitse nkhaniyo. Komabe palibe kalata iliyonse imene komiti inalemba kupempha kuti aonjezere. Iwo ankalankhula pakamwa, iye ankasunga mapepala, ndiye pamene makolo a anyamata anaitanitsa msonkhano kusukulu kuti amve mbali zonse, mbali imodzi yokha ndiyo inali ndi chosonyeza.

Pamsonkhanopo mwini sitolo anavomera kuti timu isunge mipira ndi nsapato, ndipo analipira chindapusa cha ligi kuti anyamata a zaka zoyenera amalize masewero awo. Gawo lachitatu anakana. Makolo anasankha msungichuma wina, mayi amene amasunga buku la banki mkhonde, ndipo timu inamaliza chaka ndi zopereka za K500 pa mwana aliyense patsiku la masewero.