Mawu a pachilengezo cha ntchito azipezeka m'ndime yoyamba ya sivi yanu

Pa zaka zimene ndakhala ndikusankha anthu ofunsira ntchito kuno ku Mangochi, ndatopa nako kuwerenga ndime yoyamba ya sivi yongonena kuti mwiniwake ndi wolimbikira, wokhulupirika ndiponso woopa Mulungu. Mabungwe ambiri akuluakulu amalandira makalata kudzera m'pulogalamu yotchedwa ATS, imene imatola mawu a m'sivi n'kuwasunga, ndipo wolemba ntchito akafuna kusefa amataipa mawu omwe ali pachilengezo. Makhalidwe abwinowo sawataipa.

Mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbukira mtsikana wina wa ku Namwera, amene anagwira ntchito yowerengera ndalama zaka 4 pamalo ogona alendo m'mbali mwa nyanja. Chilengezo chinkafuna `Accounts Assistant` wodziwa `bank reconciliation`, `payroll` ndi `QuickBooks`. Zonsezi ankazichita mwezi ndi mwezi, koma iye analemba kuti `handling cash and books`, poganiza kuti aliyense amva tanthauzo lake. Munthu akanamvadi, koma titataipa mawu athu aja dzina lake silinatuluke, ndipo sivi yake ndinadzaiona mayeso a ntchito atachitika kale. Akanangolemba chonchi:

```
Accounts Assistant with 4 years' experience in monthly bank
reconciliation and payroll for 35 staff, using QuickBooks.
```

Taonani kuti dzina la ntchito latsogola monga lilili pachilengezo, ndipo liwu lililonse lamangirizidwa ku chinthu chimene anachitadi, pamodzi ndi chiwerengero chake. N'chifukwa chake chiganizocho chikumveka bwino ngakhale kwa munthu amene adzachiwerenge pulogalamu itamaliza mbali yake. Musatenge chilengezo chonse. Sankhani mawu atatu kapena anayi amene abwerezedwa kapena alembedwa kuti ndi ofunika, ndipo muwalembe mmene iwo awalembera.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi anthu otaipa makalata amene amakulipiritsani n'kukulonjezani kuti adziwa njira yopusitsira kompyuta. Ena amamata chilengezo chonse pansi pa tsamba ndi zilembo zoyera, osadziwa kuti pulogalamuyo imatola mawu osasamala mtundu wake, kotero ife timawaona onse ndipo timasiya kukukhulupirirani. Ena amakuwonjezerani pulogalamu yowerengera ndalama ya `Sage` pomwe simunaigwiritsepo ntchito, ndipo mumakachita manyazi pa funso loyamba. Enanso amasindikiza sivi n'kuijambula pamakina, ndiye imasanduka chithunzi chimene mapulogalamu ambiri sangawerengemo liwu ndi limodzi lomwe.

Musanatumize, tsegulani fayilo yanu, koperani mawu onse n'kuwamata mu Notepad. Ngati ndime yoyamba sikuoneka, kapena mizere yasakanikirana chifukwa cha timabokosi tokongoletsera, ikonzeni kaye. Ndipo popeza chilengezo chilichonse chimafuna ndime yakeyake, musadikire tsiku lotsekera, pamene magetsi akangothima mudzathamangira kutumiza yakale ija.