Mawu afike woimba asanatsegule pakamwa

Mwezi sutha osabwera wina ndi foni m'manja, n'kundionetsa kanema woonetsa mawu olembedwa a nyimbo yake, amvekere: "Akulu, taonani, china chake chikundivuta apa koma sindikuchipeza." Ine ndimachipeza mzere woyamba usanathe, chifukwa cholakwa chake chimakhala chomwecho nthawi zonse. Wopanga kanemayo anayambitsa kuyenda kwa mawu pomwe woimba akuwatchula. Mawu akuuluka kuchokera m'mbali, akuzungulira, akukula, ndipo pofika pokhazikika kuti munthu awerenge, woimba ali kale pa mawu ena. Diso limafuna kanthawi kuti ligwire lembo. Ndiye kuyenda kuja kuyenera kuthera pa biti, komwe ndi kugunda kwa nyimbo, kapena biti isanafike pang'ono, osati kuyambira pa biti. Ndatopa nazo kubwereza zimenezi.

Ntchito imene imandisowetsabe mtendere ndi ya mayi wina woimba nyimbo zauzimu. Anandipeza kutatsala masiku anayi kuti akhazikitse chimbale chake, atalipira kale mnyamata wina amene anamulonjeza kuti amupangira kanema pa tsiku limodzi. Koyambirira kwa nyimbo zinkaoneka ngati zikuyenda. Pofika kolasi yomaliza, mawu anali m'mbuyo ndi masekondi oposa awiri.

Nyimbo yake inali ya mabiti 96 pa mphindi, ndipo kanema anali wa mafulemu 30 pa sekondi, kutanthauza zithunzi 30 zotsatizana pa sekondi iliyonse. Kuti mudziwe kutalika kwa biti imodzi, masamu ake ndi awa:

```
60 / 96 * 30 = 18.75
```

Biti imodzi ndi mafulemu 18.75. Koma fulemu sidulidwa pakati, ndiye mnyamata uja anangoti 19, n'kukopera mtunda womwewo mzere ndi mzere mpaka nyimbo kutha. Kotala ya fulemu ikumveka ngati kanthu kochepa. Nyimbo ya mphindi zitatu pa liwiro limenelo ili ndi mabiti 288, ndipo makotala aja akaunjikana amakwana mafulemu 72, omwe ndi masekondi 2.4. Mukaona kanema amene akuyamba bwino koma akunka natsalira pang'onopang'ono, matenda ake ndi amenewa. Akanawerenga mabiti anayianayi akanapulumuka, pakuti mabiti anayi ndi mafulemu 75 ndendende, opanda chotsala.

Komabe ngakhale masamu atakhala olondola, munthu saimba ngati wotchi. Mayi ameneyu ankakoka mawu, kwina n'kulowa ng'oma isanagunde, monga achitira oimba ambiri amene anakulira m'kwaya. Choncho ndinapempha kusitudiyo kuti anditumizire liwu lake lokha, lopanda zida. Mu After Effects, pulogalamu yopangira makanema, mukasankha liwulo n'kudina L kawiri, mafunde ake amaoneka, ndipo batani la * la mbali ya manambala limaika chizindikiro nyimbo ikuyimba. Chizindikiro choikidwa ndi chala chimachedwa ndithu, ndiye ndimabwerera n'kuchikankhira pomwe funde layambira. Pa Chichewa pali kamsampha. Phatikizo ngati "ndi" kapena "mbu" limayamba ndi kaphokoso ka m'mphuno, ndipo chimene chimagwera pa biti ndi lembo la liwu. Mukatsata ng'oma yokha, muchedwa.

Mu kolasi munali mawu akuti "sindidzakuiwalani". Maphatikizo ndi asanu ndi atatu, lililonse likutenga theka la biti, mafulemu asanu ndi anayi ndi kanthu. Tempuleti ya mnyamata uja, kanema wokonzeratu amene umangoikamo mawu ako, inkalowetsa phatikizo lililonse palokha, ndipo kulowako kunkatenga mafulemu 12. Phatikizo linkakhazikika mnzake atayamba kale kumveka! Ine ndinalowetsa mawu onse pamodzi m'mafulemu asanu ndi limodzi, n'kuwaimitsa kutatsala mafulemu atatu kuti "si" amveke. Kuchokera apo malembo sanasunthenso. Chimene chinkayenda ndi mtundu wokha: phatikizo limene likuimbidwa linkasanduka lachikasu, enawo ali oyera. Woonera amawerenga mawu onse kaye, kenako amatsatira mtundu n'kumaimba nawo. Kudumphadumpha ndinakusungira pomwe ng'oma ikulira yokha popanda choti munthu awerenge.

Tsono kukula kwa malembo. Matempuleti ambiri amene anyamata amatsitsa pa intaneti anapangidwira Chingerezi, chomwe mawu ake ambiri a m'nyimbo ndi a malembo atatu kapena anayi. Athu ndi ataliatali. "Sindidzakuiwalani" ali ndi malembo 17. Kanema woimirira ndi mapikiselo, timadontho topanga chithunzi, 1080 m'lifupi, ndipo ine ndimasiya 120 mbali iliyonse, kutsala 840. Mukawapanikiza pa mzere umodzi, lembo lililonse lipeza mapikiselo osakwana 50, omwe pa foni wamba ndi mamilimita atatu basi. Ndinawadula pawiri, "sindidza" pamwamba, "kuiwalani" pansi, malembo n'kukula pafupifupi kawiri. Podula tsatani maphatikizo. Ndinaonapo wina atasiya "n" kumapeto kwa mzere, "di" n'kupita pansi, ndipo lilime la wowerenga linapunthwa pomwepo. Yang'ananinso ngati fonti yanu ili ndi ŵ, chifukwa ina imangoika kabokosi kapena kulowetsa lembo la fonti ina.

Malembo opyapyala okhala ngati olemba pamanja, amene oimba amawakonda chifukwa amaoneka apamwamba pa laputopu, musawakhulupirire. Kanema akadutsa pa WhatsApp amafinyidwa, ndipo zoyamba kusungunuka ndi timizere topyapyala, makamaka tikamayenda pamwamba pa chithunzi cha zinthu zambirimbiri. Malembo ofiira pa buluu ndiye amaipiratu. Sankhani malembo onenepa, mudetseko chithunzi cha kumbuyo, ndipo mawu akhale chapakati, popeza pa TikTok m'munsi mumakhala dzina ndi zolemba, kudzanja lamanja kuli mabatani. Mayeso anga ndi amodzi. Ndimadzitumizira kanemayo pa WhatsApp, kumutsegula pa kafoni kanga kakale kong'aluka galasi, n'kutuluka naye panja masana. Ndikayamba kutsinzinira kuti ndiwerenge, ndibwerera kukakonza.

Chenjerani ndi amene akukupangirani kanema atavala mahedifoni a Bluetooth. Phokoso limafika m'khutu mochedwa, nthawi zambiri ndi mafulemu angapo, ndipo akamaika zizindikiro motsata khutu, zonse zimatsalira mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Umo ndi momwe mungasiyanitsire vuto ili ndi la masamu lija, lomwe limanka likula. Chenjeraninso ndi amene sakufunsani mawu olembedwa ndi inu mwini, kapena amene akuti ntchito itha madzulo omwewo. Ine nyimbo ya mphindi zitatu imanditengera masiku awiri pa kulinganiza nthawi kokha, ndisanayambe zokongoletsa. Mukabwera mochedwa, chimene chimadulidwa ndi kuyesa pa foni kuja, chifukwa ndicho chomaliza.

Kanema wa mayi uja ndinamumaliza usiku wa tsiku lachitatu, ndipo tinaonera limodzi akuimba nawo, mawu ndi liwu zili pamodzi. Cholakwa changa n'chakuti sindinafunse ngati nyimbo imene anandipatsa inali yomalizidwa. M'mawa mwake kusitudiyo anaona kuti poyambira patalika, n'kudulapo mabiti anayi. Mwana wa mlongo wa mayiyo anachotsa phokoso lakale mu CapCut, pulogalamu yodulira makanema, n'kuikamo latsopano, n'kutumiza kumagulu onse a mpingo. Mabiti anayi aja ndi mafulemu 75, masekondi awiri ndi theka, ndiye mawu anatsaliranso kuposa momwe analili tsiku limene anandipeza, ulendo uno kuyambira mzere woyamba. Akanandiimbira, inali ntchito ya mphindi khumi. Kanemayo akuyendabe m'mafoni, ndipo kumapeto kwake kuli dzina langa.