Chiyambi cha mkangano wofufuta maphunziro ojambula

Kalata imene mnyamata wotithandiza mongodzipereka pa za makompyuta analembera ahedi pasukulu yathu ya sekondale kuno ku Dedza, yokhudza kasungidwe ndi kufufuta mavidiyo a maphunziro, yautsa mapiri pachigwa, koma nkhaniyi ndi yakale.

Inayamba pa 23 Malichi 2020, boma litatseka sukulu chifukwa cha mliri wa korona. Aphunzitsi a Fomu 4, poopa mayeso a MSCE, anayamba kudzijambula pa foni ali pa bolodi n'kumatumizira ana pa WhatsApp. Sukulu zitatsegulidwa mu Sepitembala chizolowezicho sichinathe, ndipo aliyense ankangokhuthulira mavidiyo ake mu kompyuta ya mu ofesi. Panalibe anafunsapo kuti mwini wake ndani, kapena akhalamo mpaka liti.

Kompyutayo ili ndi malo a 500 GB. Phunziro la mphindi 40 lojambulidwa pa 1080p limatha kudya pafupifupi 5 GB, ndiye maphunziro 100 okha ndi okwanira kuidzaza. Inadzazadi: inayamba kuchedwa kuyaka, kenako n'kukana kusunga ngakhale malikisi a ana. Mnyamatayo ataunguzamo anapeza mafayilo a mayina ngati `VID_20200714_093012.mp4`, oti sungadziwe ngati ndi samu kapena Chichewa mpaka utautsegula, ndipo ena analimo kawiri katatu.

Kalatayo ikupempha kuti fayilo iliyonse izitchula kalasi, phunziro, mutu ndi chaka, monga `F4_Biology_Genetics_2024.mp4`, ndi kuti vidiyo izichepetsedwa kaye ndi pulogalamu yaulere ya HandBrake kuti ifike pa 720p, pomwe phunziro lomwelo limatsika kufika cha m'ma 400 MB koma zolembedwa pa bolodi zikuwerengekabe. Ikutinso pagulidwe disiki yachiwiri yokhala mu kabati ya ahedi, chifukwa magetsi akathima kompyuta ili mkati molemba fayilo imaonongeka. Izi palibe akutsutsa.

Pavuta ndi pa ndime yakuti mutu uliwonse uzitsala ndi vidiyo imodzi yokha, zina zonse zizifufutidwa teremu ikatha. Aphunzitsi akuti anajambula ndi foni zawo, bandulo n'kugula okha, ndiye wobwera dzana sangawasankhire choti chifufutidwe. Pali makamaka mavidiyo a samu a abambo ena amene anapuma ntchito, omwe ana amawapemphabe mpaka lero ngakhale mawu ake samveka bwino. Pamenepa ine ndili kumbali ya aphunzitsi: osankha azikhala akulu a dipatimenti, ndipo mwini vidiyo azipatsidwa mwezi woti akopere yake.

Koma pa ndime ya kalatayo yodandaula za mavidiyo oonetsa nkhope za ana akulephera funso, mnyamatayo akunena zoona. Makolo awo sanafunsidwe, ndipo kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makompyuta. Ahedi atumiza ndime imeneyi ku komiti ya makolo ndi aphunzitsi.